Liwu lobwerezedwa si mutu wa ndime

Madzulo ena m'mwezi wa Juni, kunja kukuwaza kamvula kozizira kaja ka kuno ku Mzuzu, mayi wina yemwe ndi namwino anafika m'kachipinda komwe ndimaphunzitsira Chingerezi ku Katoto atavala juzi pamwamba pa yunifolomu. Anali akukonzekera mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS, ndipo usiku wathawo anayesa pepala la kuwerenga ali yekha kunyumba. Pa mafunso 6 osankha mitu ya ndime, anakhoza 2. Anandiyalira pepalalo patebulo. Linali lodzaza mizere ya pensulo, liwu lililonse looneka lalikulu litadulidwa mzere kunsi.

"Aphunzitsi, taonani," anatero akuloza ndi chala. "Liwu ili lili apa, apa, apa ndi apa. Kanayi konse m'ndime imodzi. Pa mutu uwu liliponso. Nanga ndalakwa pati?"

Ndinawayankha kuti, "Asisita, maso anu aona bwino. Koma funso silinakufunseni kuti liwu lili kuti."

Ndiyenera kuvomera kuti mizere imeneyo ndinawaphunzitsa ndine. Kwa nthawi yaitali ndinkauza ophunzira kuti azidula mzere kunsi kwa mawu akuluakulu a pa mutu, kenaka akawasake m'nkhani. Njirayi imathandiza pa mafunso ena, monga ofuna dzina la munthu kapena chaka. Pa mafunso a mitu imagwetsa munthu m'dzenje lomwe olemba mayeso anakumba dala, ndipo zinandipweteka kuona kuti ndine ndinawalondolera komweko.

Kwa amene sanalionepo pepalali, limakhala chonchi. Pa mayeso a kuwerenga a IELTS a ofuna maphunziro apamwamba mumapatsidwa nkhani zitatu zazitali, mafunso 40, ndi mphindi 60 basi, popanda nthawi ina yapadera yokopera mayankho. Pa mtundu wa funso womwe tikukambawu, ndime za nkhani zimakhala ndi zilembo A, B, C mpaka kumapeto, ndipo mumapatsidwa mndandanda wa mitu yokhala ndi manambala achiroma, i, ii, iii. Ntchito yanu ndi kupatsa ndime iliyonse mutu wake. Mitu imachuluka kuposa ndime, choncho ina imatsala, ndipo mutu umodzi sugwira ntchito kawiri. Mfundo yomalizayi ili ndi ululu wake: mukapatsa ndime B mutu womwe unali wa ndime E, mwalakwa B, ndipo mukafika pa E mupeza mutu wake mwaudya kale. Kuphonya kumodzi kumatha kukulandani malikisi awiri. Kwa munthu wofuna bandi 7 pa mlingo wa zotsatira za mayesowa, yomwe imafuna mayankho olondola pafupifupi 30 mwa 40, malikisi awiri ndi ambiri.

Tiyambe ndi chifukwa chomwe liwu lobwerezedwa limanamiza. Nkhani yonse ikakhala ya khofi, liwu loti khofi lipezeka m'ndime zonse, choncho silingakuuzeni kusiyana kwa ndime A ndi ndime D. Zimenezi aliyense amazimva msanga. Chovuta ndi liwu lomwe labwerezedwa m'ndime imodzi yokha. Limaoneka ngati ndilo mwini ndime. Koma wolemba amatha kutchula chinthu kanayi pofuna kungokonza njira yopita ku mfundo yake yeniyeni, monga munthu amene wabwera kudzabwereka ndalama amayamba wakamba za mvula, za kukwera kwa feteleza, za mvula kachiwiri, kenaka n'kunena chomwe wadzera m'chiganizo chimodzi. Mukafunsidwa kuti mlendo uja anabwerera chiyani, simungayankhe kuti anabwerera mvula, ngakhale anaitchula kambiri. Mutu wa ndime umayankha funso lomwelo: ndimeyi yadzera chiyani?

Palinso china chomwe ndaona m'mapepala ambiri oyeserera omwe ndadutsamo ndi ophunzira. Mutu wolondola kawirikawiri umanena mfundo ya ndime m'mawu ena, osati omwe ali m'ndimemo. Mitu yotsala ija, yomwe ilibe ndime, nthawi zambiri imamangidwa ndi mawu otengedwa m'nkhani momwemo, chifukwa ikanakhala yosagwirizana ndi nkhani palibe akanaisankha. Ndiye munthu amene akusaka mawu ofanana amakokedwa ndi mitu yabodza kuposa yoona. Wotchi ikamathamanga, kuzindikira liwu kumamveka mumtima ngati kumvetsa nkhani, pomwe ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kuti asisita aja aone msamphawu popanda kulimbana ndi Chingerezi, ndinawalembera kankhani m'Chichewa. Ndime zake ndi zazifupi kuposa za pa mayeso, koma misampha yake ndi yomweyo. Ndinasankha khofi poti kuno kumpoto tikumudziwa, kuyambira ku Misuku mpaka kumapiri a Viphya. Mitu inali 7, ndime 4.

i. Mmene nthenda ya dzimbiri imafalikira m'minda
ii. Mbewu ina ilowa m'malo mwa yomwe inawonongeka
iii. Ubwino wa mitengo ya mthunzi m'munda wa khofi
iv. Njira iliyonse ili ndi phindu ndi zotaya zake
v. Chifukwa chomwe kukolola kumafuna manja ambiri
vi. Kufunika kwa madzi aukhondo pokonza khofi
vii. Kuopsa kolakwitsa nthawi

Musanawerenge ndime yoyamba, phimbani mituyo ndi dzanja kapena kapepala. Ichi ndicho chinthu chachikulu chomwe ndinasintha pa kaphunzitsidwe kanga. Mutu mukauwerenga kaye, mawu ake amakhala m'mutu mwanu, ndipo maso amayamba kuwasaka m'ndime inu musanawatume. Mukayamba ndi ndime, mumafika pa mndandanda muli kale ndi yankho lanulanu.

Ndime A: "M'zaka za m'ma 1860, chilumba cha Ceylon, chomwe lero ndi Sri Lanka, chinali m'gulu la maiko otumiza khofi wambiri kunja. Mu 1869 alimi anaona ufa wachikasu kunsi kwa masamba, chizindikiro cha nthenda ya dzimbiri. Dzimbiri linkayoyola masamba, ndipo mtengo wopanda masamba subereka. Patadutsa zaka pafupifupi 20, dzimbiri linali litagwetsa ulimi wa khofi pachilumbapo. Eni minda sanasiye mapiriwo kuti amere tchire. Anazula zitsa n'kubzala tiyi, yemwe dzimbiri la khofi silimugwira, ndipo posakhalitsa dzina la Ceylon linayamba kudziwika ndi tiyi."

Tsopano, mituyo ikadali yophimbidwa, nenani m'mawu anu osapitirira asanu kapena asanu ndi limodzi chomwe ndimeyi yanena. Asisita anati, "Khofi anafa, anthu anabzala tiyi." Ndinawauza kuti alembe zomwezo m'mbali mwa ndime. Pa mayeso enieni mukhoza kulemba m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, palibe amene amachonga za m'mbalizo, ndipo kulemba m'chinenero chanu kumakukakamizani kusiya mawu a m'ndime n'kugwira tanthauzo.

Titavundukula mitu, maso awo anathamangira pa i. Liwu loti dzimbiri lili m'ndime kanayi, ndipo mutu i wokha ndiwo uli nalo. Apa ndi pomwe ndinawapempha kuti auwerenge mutuwo wonse, osati liwu limodzi lokha. Mutu uli ngati lonjezo. Mutu i ukulonjeza kuti tiuzidwa mmene nthenda imafalikira. Ndime yokwaniritsa lonjezo limeneli ikanakamba za mphepo yonyamula ufa uja, za madontho a mvula, za kuchoka pa tsamba lina kupita pa lina. Muli chiganizo chotere m'ndime A? Mulibe ngakhale chimodzi. Ndimeyi yanena zomwe dzimbiri linachita, sinanene mmene limayendera. Mutu i wagwa pa mawu oti "mmene imafalikira", mawu omwe munthu wosaka liwu lalikulu sawaona n'komwe.

Mutu ii ulibe liwu loti khofi, ulibe tiyi, ulibe dzimbiri, ulibe Ceylon. Koma "yomwe inawonongeka" ndi khofi, ndipo "mbewu ina" ndi tiyi. Ukukhudza mbali zonse ziwiri za ndime, chiyambi ndi mathero, ndipo ukufanana ndi kachiganizo komwe asisita analemba okha m'mbali. Yankho ndi ii.

Ndikufuna nditsindike apa, chifukwa ndi pomwe pagona luso lonse. Mutu uliwonse uli ndi zigawo ziwiri: chinthu chomwe ukukamba, ndi chomwe ukunena za chinthucho. Pa mutu i chinthu ndi dzimbiri, chonenedwa ndi kafalikidwe. Pa mutu iii chinthu ndi mthunzi, chonenedwa ndi ubwino. Mawu obwerezedwa m'ndime amangotsimikiza chigawo choyamba. Chachiwiri chimabisala m'timawu monga chifukwa, zotsatira, ubwino, kuipa, mbiri, kusiyana, tsogolo, kulephera. Ngati mukufunabe kudula mizere, dulani kunsi kwa timawu timeneti, kenaka funsani kuti, kodi ndingaloze chiganizo m'ndime chomwe chikuchita zimenezi? Mutu ukati "chifukwa", m'ndime muyenera kupezeka chifukwa. Ukati "kusiyana", muyenera kupezeka zinthu ziwiri zoyerekezedwa. Ukanena za "mavuto", ambiri, ndipo ndime ili ndi vuto limodzi lokha, muukayikire.

Dziwaninso kuti kutchula dzimbiri sikunali kulakwa kwa mutu i. Ukanalembedwa kuti "Nthenda yomwe inasintha ulimi wa dziko lonse", ukanakhala wolondola, chifukwa kusinthako kuli m'ndime. Liwu lofanana silipangitsa mutu kukhala woona, komanso siliupangitsa kukhala wabodza.

Ndime B: "Alimi ambiri amabzala khofi pansi pa mitengo ya mthunzi. Mthunzi umachepetsa kutentha masana, umasunga chinyezi m'nthaka, ndipo masamba ogwa amasanduka manyowa. Komabe mthunzi ukachuluka, khofi amachita maluwa ochepa ndipo zokolola zimatsika. Pa dzuwa amabereka kwambiri, koma amafuna feteleza wochuluka, ndipo akabereka mopyola mphamvu zake nthambi zimauma kuyambira kunsonga. Mlimi amayenera kuyeza yekha chomwe angakwanitse."

Msampha wa apa ndi wina. Mutu iii sukunama. Ubwino wa mthunzi ulimodi m'ndime, ndipo uli koyambirira kwenikweni. Ambiri tinaphunzitsidwa kuti mfundo ya ndime imakhala m'chiganizo choyamba, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Munthu wothamanga amawerenga ziganizo ziwiri zoyamba, amaona mthunzi ndi ubwino wake, amalemba iii n'kudumphira ku ndime ina. Koma tawerengani ziganizo. Ndimeyi ili nazo 5. Mutu iii ukufunditsa ziwiri zoyamba zokha. Zitatu zotsalazo zili pamtetete. Zili ngati bulangete lalifupi usiku wa Julaye ku Chikangawa: mutu wafunda, miyendo ili panja.

Chomwe chatembenuza ndime ndi liwu loti "komabe". M'Chingerezi muli mawu angapo ogwira ntchito yomweyi, ofanana ndi athu oti koma, komabe, ngakhale zili choncho, mosiyana ndi zimenezi. Mukakumana nalo pakati pa ndime, chepetsani liwiro. Kawirikawiri zomwe zili patsogolo pake ndi zomwe wolemba akutsamira, ndipo zam'mbuyo zinali poyambira chabe. Chimodzimodzi ndime yoyamba ndi mawu onga "anthu ambiri amakhulupirira kuti" kapena "kale ankaganiza kuti". Wolemba akayamba chonchi amakhala akukonzekera kutsutsa, ndipo mutu wotengedwa pa chiganizo choyambacho ukhoza kunena zosemphana ndi mfundo ya ndime.

Asisita analemba m'mbali kuti, "Mthunzi ndi dzuwa, zonse zili ndi zake." Mutu iv ukunena zomwezo m'mawu ena: njira iliyonse, phindu, zotaya. Mulibemo mthunzi, mulibemo dzuwa. Iwo anadandaula kuti mutu iv ukuoneka wotakata kwambiri, woti ungalowe pa nkhani iliyonse. Dandaulo lawo linali lomveka, chifukwa mitu yotakata mopyola imakhalanso misampha nthawi zina. Kuyeza kwake ndi komwe kuja: lozani. Njira ziwiri zili kuti? Mthunzi ndi dzuwa. Phindu la iliyonse? Chinyezi ndi manyowa uku, zokolola zambiri uko. Zotaya? Maluwa ochepa uku, feteleza ndi nthambi zouma uko. Palibe chigawo cha mutu chomwe chasowa poloza, ndipo palibe chiganizo cha ndime chomwe chatsala panja. Mutu wotakata wabodza umasiyana ndi uwu chifukwa umalonjeza zambiri kuposa zomwe ndime yapereka, monga kunena za ulimi wa dziko lonse pomwe ndime yakamba za mudzi umodzi.

Ndime C ndi yomwe inawagwira kwambiri: "Khofi akamenyedwa makoko, njere zimatsala ndi madzi ake oterera omwe amamatirira. Njerezo zimaikidwa m'thanki, nthawi zina zomizidwa m'madzi, kuti zoterera zija zivunde n'kulekana nazo. Kumalo ozizira zimenezi zimatenga maola ambiri kuposa kotentha. Wodziwa ntchito amatapa njere n'kuzipekesa m'manja, ndipo zikamveka zokhakhala ngati timiyala amadziwa kuti zakonzeka kutsukidwa ndi madzi. Akazitsuka msanga, zoterera zimatsalira n'kuwononga njere pouma. Akazisiya mopitirira, khofi amamveka wowawasa m'kapu, ndipo palibe madzi omwe angachotse fungo limenelo."

Madzi atchulidwa kanayi, kuyambira chiganizo choyamba mpaka chomaliza. Pano munthu sanganene kuti liwulo lili mbali imodzi yokha ya ndime, lamwazika ponseponse. Asisita, ngakhale anali ataona kale misampha iwiri, anati, "Koma aphunzitsi, apa pokha ndi vi ndithu." Ndinawafunsa kuti andilozere pomwe ndime yanena za ukhondo wa madzi. Anayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwereranso. Panalibe. Kunena zoona, madzi aukhondo ndi ofunikadi potsuka khofi, ndipo aliyense wodziwa ntchitoyi angavomereze. Koma mayeso safunsa zomwe mukudziwa inu, amafunsa zomwe ndime yanena. Uwu ndi msampha womwe umagwira kwambiri anthu odziwa zinthu. Namwino akapatsidwa nkhani ya zaumoyo amatha kusankha mutu woona malinga ndi ntchito yake, womwe wolemba sanaukambe.

Onaninso kuti madzi anayi aja sali chinthu chimodzi. Oyamba ndi madzi a chipatso, achiwiri ndi a m'thanki, achitatu ndi otsukira, achinayi atchulidwa pofuna kunena kuti sangathandize. Liwu ndi limodzi, ntchito zake ndi zinayi, ndipo palibe pomwe likuyendetsa nkhani. Lili ngati kondakitala wa minibasi ya ku Nkhata Bay, amene mumamumva ulendo wonse koma chiwongolero chili ndi wina.

Chomwe chikuyendetsa ndime C chabwerezedwanso, koma osati ndi liwu limodzi. Taonani: "maola ambiri", "zakonzeka", "msanga", "mopitirira". Mawu anayi osiyana, onse akuloza kumodzi, ku kutalika kwa nthawi yomwe njere zikhale m'thanki. Ndipo ziganizo ziwiri zomaliza zikunena zoipa zomwe zimachitika mbali zonse, ukafulumira ndi ukachedwa. Kumeneko ndiye "kuopsa kolakwitsa" kwa mutu vii. Liwu loti nthawi likupezeka m'ndimeyi kamodzi kokha, m'mawu oti "nthawi zina", omwe sakukhudzana n'komwe ndi mfundoyi. Choncho kubwereza komwe muyenera kusaka ndi kwa ganizo, lomwe limabwera litavala zovala zosiyanasiyana. Wolemba wabwino sakonda kutchula mfundo yake ndi liwu lomwelomwelo, amasinthasintha. Zomwe amatchula mosasintha nthawi zambiri ndi zipangizo ndi maina a zinthu, monga madzi, thanki, njere, zomwe zilibe dzina lina.

Ndime D ndinaiika dala kuti asisita asachoke ndi lamulo latsopano lolakwika: "Kukolola khofi kumafuna anthu ambiri chifukwa zipatso za pa nthambi imodzi sizipsa tsiku limodzi. Zina zimakhala zofiira, zina zikadali zobiriwira. Wokolola amathyola zofiira zokha, chimodzichimodzi, ndipo amabwerera pa mtengo womwewo kangapo nyengo isanathe."

Iwo anayang'ana mutu v n'kuukayikira. "Uwu ukufanana kwambiri ndi ndime, ndiye kuti ndi msampha." Ayi. Mutu v ndi wolondola. Kukolola kulipo, anthu ambiri alipo, ndipo chifukwa chaperekedwa m'ziganizo zonse zitatu. Ndaonapo ophunzira amene, atapsa ndi mawu obwerezedwa, amayamba kuthawa mutu uliwonse wokhala ndi liwu la m'ndime, n'kutaya malikisi omwe anali m'manja. Kumeneko ndi kuweruzabe ndi maonekedwe a mawu, kungoti mwatembenuza. Muyeso susintha: chigawo chilichonse cha mutu chikhale ndi poloza m'ndime, ndipo mutu ufunditse ndime yonse.

Mitu i, iii ndi vi ndi yomwe inatsala, ndipo ndi yomwe inali ndi mawu ooneka kwambiri m'nkhani: dzimbiri, mthunzi, madzi.

Funso lomwe limabwera nthawi zonse ndi la nthawi. Mphindi 60 pa nkhani zitatu ndi pafupifupi 20 pa iliyonse, ndipo anthu amaopa kuti kuwerenga ndime yonse kuwadyera mphindi. Ine ndimati muiwerenge yonse, koma osati pa liwiro limodzi. Chiganizo choyamba ndi chachiwiri werengani mofatsa. Mukafika pa zitsanzo, maina a akatswiri, zaka ndi ziwerengero, dutsani mothamanga, chifukwa zimenezi zimachirikiza mfundo, si mfundoyo. Maso akhale tcheru pa mawu otembenuza aja. Chiganizo chomaliza werenganinso mofatsa. Nthawi imeneyi siyotayika. Mafunso a mitu kawirikawiri amaikidwa koyambirira, nkhani isanayambe, ndipo mukawamaliza mumakhala mukudziwa chomwe chili m'ndime iliyonse, kotero mafunso otsatira a nkhani yomweyo mumadziwa kokawapeza. Chomwe chimadya nthawi kwenikweni ndi kuwerenga mitu 9 kapena 10 mobwerezabwereza pa ndime iliyonse mulibe ganizo lanu, mutu uliwonse n'kumaoneka ngati ungatheke.

Ngati pepala lapereka chitsanzo, monga kuti ndime A yayankhidwa kale, fufutani mutu umenewo pa mndandanda musanayambe. Ndime yachitsanzoyo muiwerengebe mwachangu, chifukwa imakuuzani komwe nkhani yachokera. Mukafika pa ndime yomwe mitu iwiri ikukanganirana, musaime pamenepo mphindi zitatu. Lembani manambala onse awiri m'mbali, monga iii ndi iv, n'kupitirira. Nthawi zambiri ndime ya kutsogolo imadzatenga umodzi mwa iwo mosakayikitsa, ndipo mkangano umatha wokha. Ukapanda kutha, ikani mitu iwiriyo pafupi n'kufunsa kuti ikusiyana pati, osati ikufanana pati. Mitu iii ndi iv yonse ikukhudza mthunzi, kusiyana kwake n'kwakuti wina ukunena zabwino zokha pomwe wina ukunena mbali ziwiri. Mukapeza kusiyanako, mumabwerera m'ndime ndi funso limodzi laling'ono lomwe lingayankhidwe: kodi zoipa zatchulidwa? Chenjeraninso ndi kufufuta mutu msanga. Fufutani wokhawo womwe mwatsimikiza, chifukwa mukafufuta molakwika simudzauyang'ananso pa ndime yomwe unali wake.

Poyeserera kunyumba, kuchonga kokha sikukwanira. Pa funso lililonse lomwe mwalakwa, bwererani ku mutu womwe munasankha ndipo mupeze chomwe chinakukokani. Ngati mupeza liwu lomwelo m'ndime koma chigawo chachiwiri cha mutu chilibe poloza, mwagwa ngati pa ndime A ndi C. Ngati mutuwo ndi woona koma wa ziganizo ziwiri zokha, mwagwa ngati pa ndime B, ndipo mwina mukusiya kuwerenga ndime isanathe. Asisita atachita zimenezi pa pepala lawo lija, anapeza kuti atatu mwa mafunso anayi omwe analakwa anali a mtundu woyamba. Lachinayi linali longotsatira: mutu wake anali ataupereka kale kwina.

Pali malire omwe sindingawabise. Njira yonseyi imadalira kuti muzindikire kuti "mbewu ina" ndi tiyi, kuti "msanga" ndi "mopitirira" akunena za nthawi. M'Chichewa zimenezi zimabwera zokha. M'Chingerezi, ngati liwu lonyamula chigawo chachiwiri cha mutu simukulidziwa, mulibe choyezera, ndipo maso amabwerera ku liwu lomwe mukulidziwa. Chifukwa chake ndimauza ophunzira kuti mawu oyamba kuwaloweza asakhale maina a zomera kapena a makina, omwe amasintha ndi nkhani iliyonse, koma mawu omwe amabwerabwera m'mitu: otanthauza chiyambi, cholinga, chopinga, kukayika, kutsutsa, kuyerekeza, zosayembekezereka, njira yothetsera. Ndi ochepa, ndipo mukhoza kuwatola nokha m'mindandanda ya mitu ya mapepala akale n'kuwalemba m'kope limodzi, lililonse ndi tanthauzo lake m'chinenero chanu.

Chizolowezi chinanso chomwe sichifuna pepala la mayeso ndi ichi: tengani nyuzipepala ya Chingerezi, sankhani nkhani yaitali ya maganizo, ndipo pa ndime iliyonse lembani m'mbali mawu asanu onena chomwe yadzera, popanda kugwiritsa liwu lililonse la m'ndimemo. Lamulo losabwereka liwu ndilo limapangitsa ntchitoyi kukhala yolimba. Asisita ankachita zimenezi pa nthawi yopuma kuntchito, ndime zitatu kapena zinayi patsiku, ndipo ankabwera nazo Loweruka kuti tikangane pa zomwe analemba. Sabata yoyamba ankangofupikitsa chiganizo choyamba. Pofika sabata yachitatu anayamba kulemba zinthu monga "akutsutsa zomwe wanena pamwamba" kapena "chitsanzo cha mfundo ya ndime yapita", kusonyeza kuti ayamba kuona ntchito ya ndime m'nkhani yonse.

Pa tsiku la mayeso, ngati mukulemba a papepala, pa pepala la mayankho mumalemba nambala yachiroma yokha, osati mawu a mutu, ndipo muonetsetse kuti iv ndi vi simunazitembenuze, chifukwa dzanja lothamanga limazisokoneza. Ngati nthawi yatha ndime ina ikadali ndi manambala awiri m'mbali, lembani imodzi. Yankho lolakwika salichotsera malikisi.